Maola ochepa, mitu yambiri: kugawa nthawi yowerenga potengera malikisi a MSCE

Moko ikangotha, m'makalasi a Fomu 4 mumamveka malangizo awiri ooneka ngati otsutsana. Mphunzitsi wina amati, "Musataye nthawi ndi timitu ting'onoting'ono, limbanani ndi mitu imene imabwera ndi malikisi ambiri." Wina amati, "Silabasi yonse ndi mayeso, osasankha." Makolo amene akulipira mapatitaimu nawo amasokonezeka, sadziwa kuti amvere ziti. Aphunzitsi awiriwa onse ali ndi mfundo, koma chimene chikuvuta ndi chakuti mawu akuti "mutu wa malikisi ambiri" amabisa zinthu zingapo zosiyana. Tizimasule chimodzichimodzi, titatenga Masamu a MSCE ngati chitsanzo, popeza m'phunziro limeneli funso lililonse limalembedwa malikisi ake pambali.

Kulemera kwa mutu

Kulemera kwa mutu ndi gawo la malikisi onse a mayeso limene mutuwo umatenga. Ngati pa malikisi 100 alionse mafunso a tirigonometiri amatenga 15, kulemera kwake ndi 15 pa 100, basi. Sikutanthauza kuti mutuwo ndi wovuta, kapena kuti uli ndi masamba ambiri m'buku. Pali mitu imene imadya masabata atatu m'kalasi koma pa mayeso n'kubwera ndi kafunso kamodzi.

Kulemeraku sikuchitika mwangozi. Silabasi ya ku sekondale imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso amayendetsedwa ndi MANEB, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Akatswiri okonza mayeso kulikonse amaphunzitsidwa kuyamba ndi thebulo asanalembe funso ngakhale limodzi. Mbali imodzi ya thebulolo imakhala ndi mitu, mbali inayo ndi maluso amene akufuna kuyesa, monga kukumbukira, kumvetsa, ndi kugwiritsa ntchito zimene munthu waphunzira. Kasanjidwe ka malusoka kanatchuka mu 1956, Benjamin Bloom ndi anzake ku America atakaika m'magulu. Cholinga cha thebulo ndi chakuti pepala la chaka chino lisasiyane kwambiri ndi la chaka chatha, kuti giredi 3 ya chaka china ifanane ndi giredi 3 ya chaka chinzake. N'chifukwa chake mitu ina imabwerabwera ndi malikisi oyandikana.

Koma thebulo lomwelo lili ndi ntchito yachiwiri: kuonetsetsa kuti mafunso afalikira m'silabasi yonse. Apa ndi pamene mphunzitsi wachiwiri uja waima.

Kuwerengetsera kuchokera m'mapepala akale

Chimene wophunzira ali nacho m'manja ndi mapepala a zaka zapita, ndipo kulemera kwa mutu amakupeza powerenga yekha. Ntchito yake ndi ya madzulo amodzi kapena awiri. Tengani mapepala onse awiri a Masamu a zaka zisanu zaposachedwa. Pa pepala la m'kope lembani mitu m'mbali, zaka pamwamba. Kenako yendani funso ndi funso, n'kumalemba malikisi ake pa mutu wake. Lembani malikisi, osati kuchuluka kwa mafunso, chifukwa mafunso atatu a malikisi 3 safika pa funso limodzi la malikisi 10. Pomaliza phatikizani mzere uliwonse n'kugawa ndi chiwerengero cha zaka.

Zovuta zimayamba mukangofika pa funso limene likukhudza mitu iwiri. Funso likhoza kuyamba ndi makona atatu ofanana maonekedwe n'kuthera pa kwadiratiki. Musaliponye lonse ku mutu umodzi. Onani kuti pa masitepe a yankho, angati ndi a jometiri ndipo angati ndi a alijebura, n'kugawa malikisiwo moyerekeza. Mukatero mudzaona chinthu chimene ambiri amachidumpha, chakuti alijebura imabisala m'mafunso a mitu ina yambiri, kotero kulemera kwake kwenikweni kumaposa kumene kukuoneka pamwamba.

Chachiwiri ndi gawo losankha. Pepala lachiwiri la Masamu limakhala ndi gawo loyankha mafunso onse ndi gawo lina losankhapo angapo. Malikisi a magawo awiriwa asasakanizidwe. A gawo loyamba simungawathawe. A gawo losankha mungathe kuwazemba ngati muli ndi mitu ina yokwanira imene mukuidziwa bwino. Choncho lembani mizere iwiri pa mutu uliwonse, ndipo chiwerengero cha mafunso oyenera kusankha chitengeni pa chikuto cha pepala laposachedwa, osati la mkulu wanu amene analemba kalekale.

Zimenezi zikutifikitsa pa vuto la mapepala okalamba. Silabasi imasintha. Amene analemba kale amakumbukira kuti Fizikisi ndi Kemisitiri zinali phunziro limodzi, lero ndi maphunziro awiri osiyana, lililonse ndi mapepala ake. Ku Chichewa ndi Chingerezi mabuku a zamchezo amasinthidwanso. Pepala la silabasi yakale ndi labwino poyeserera kuyankha, koma mukaliika m'chiwerengero limakupatsani kulemera kwa mayeso amene kulibenso.

Ndiye pali nkhani ya avareji, imene imanamiza anthu ochenjera omwe. Tiyerekeze kuti mutu wina m'zaka zisanu unabwera ndi malikisi 5, 5, 5, 5, 5. Wina unabwera ndi 10, 0, 10, 0, 5. Yonse iwiri avareji yake ndi 5, koma si mitu yofanana. Woyambawo mukudziwa kuti muupeza. Wachiwiriwo mwina ubwera ndi funso lalikulu, mwina subwera n'komwe. Ndipo musakopeke n'kuganiza kuti poti unadumpha chaka chatha ndiye ubwera chaka chino. Zaka zisanu n'zochepa kwambiri kuti munthu aonemo kayendedwe kodalirika. Kuwerengetsera kulemera n'kosiyana ndi kulosera mafunso, komanso sikugwirizana m'pang'ono pomwe ndi za likasa.

Njira yoyamba: maola molingana ndi malikisi

Tsopano tigwire ntchito ndi chitsanzo. Manambala onse amene akubwerawa ndi ongoyerekeza kuti njira ioneke, si chiwerengero cha MANEB, ndipo aliyense apeze ake m'mapepala.

Mtsikana wina wa pa sukulu yoyendera watsala ndi masabata 6 kuti alembe. Atachotsa nthawi ya m'kalasi, ya ulendo, ya ntchito za pakhomo ndi ya maphunziro ena, wapeza kuti Masamu angawapatse maola 10 pa sabata, onse pamodzi 60. Pa maola amenewa wapatula 10 oti alembe mapepala athunthu ali ndi wotchi pambali, n'kudzichongera. Otsala ogawira mitu ndi 50.

Lamulo lake n'lapafupi:

maola a mutu = (malikisi a mutu ÷ malikisi onse) × maola onse

Mitu yake waiika m'magulu 6. Alijebura yapezeka kuti imatenga malikisi 30 pa 100, jometiri ya sekolo ndi zofanana maonekedwe 20, tirigonometiri 15, magirafu 15, sitatisitikisi ndi pulobabilite 10, matirikisi, mavekita ndi maseti 10. Maola 50 kugawira malikisi 100 ndiye kuti malikisi awiri alionse alandira ola limodzi. Alijebura itenga maola 15, jometiri 10, tirigonometiri ndi magirafu 7.5 uliwonse, magulu awiri otsalawo 5 lililonse.

Njirayi ili ndi ubwino umodzi waukulu. Imathetsa matenda ofala oyamba buku pa tsamba loyamba n'kumayenda nalo motsatana, mayeso n'kukupezerera mitu ya Fomu 4 usanaikhudze. Imathetsanso chizolowezi chowerenga mutu umene umakusangalatsa tsiku ndi tsiku. Koma ili ndi chilema: sikumudziwa wophunzirayo. Imapereka ndondomeko yofanana kwa katswiri wa alijebura ndi kwa amene fakitaraizeshoni imamuzunguza mutu.

Njira yachiwiri: malikisi amene akutayika

Ola lowerenga silingawonjezere malikisi amene muli nawo kale. Lingabweze okhawo amene mukutaya. Choncho funso lachiwiri ndi lakuti, pa mutu uliwonse, ndikutayapo angati?

Mtsikana uja watenga pepala lake la moko ndi mapepala ena awiri akale amene analemba osayang'ana m'buku, n'kuwerenga zimene amapeza pa gulu lililonse. Zonse pamodzi amapeza 60 pa 100, kutaya 40. Maola 50 kugawira malikisi 40 otayika ndiye ola limodzi ndi mphindi 15 pa malikisi amodzi.

| Gulu la mitu | Kulemera | Amataya | Maola, njira yoyamba | Maola, njira yachiwiri |
|---|---|---|---|---|
| Alijebura | 30 | 6 | 15 | 7.5 |
| Jometiri | 20 | 14 | 10 | 17.5 |
| Tirigonometiri | 15 | 6 | 7.5 | 7.5 |
| Magirafu | 15 | 8 | 7.5 | 10 |
| Sitatisitikisi ndi pulobabilite | 10 | 2 | 5 | 2.5 |
| Matirikisi, mavekita, maseti | 10 | 4 | 5 | 5 |

Taonani mizere iwiri yoyamba. Njira yoyamba ikanamuuza kuti athere maola 15 pa alijebura, pamene ngakhale atachita bwino motani sangawonjezere kuposa malikisi 6. Jometiri, imene ikumudyera malikisi 14, ikanalandira maola 10 okha. Njira yachiwiri yatembenuza zimenezi. Kulemera kwa mutu sikunatayidwe ayi, kudakali m'kati mwa chiwerengerocho, chifukwa mutu wa malikisi 10 sungakutayitseni 14. Kwangowonjezeredwa munthu amene akawerengeyo.

Chenjezo lake ndi lakuti nambala ya malikisi otayika ikhale yoona. Kungoganiza kuti "tirigonometiri ndimaitha" si umboni. Ambiri akawerenga yankho lolembedwa kale m'pamfuleti amamva ngati akudziwa, koma kuwapatsa funso lomwelo pa pepala loyera, cholembera chimaima pa mzere wachiwiri. Dziyeseni buku litatsekedwa, nthawi ikuwerengedwa, ndipo ngati n'kotheka achonge ndi mphunzitsi kapena mnzanu wopanda chisoni. Pepala limodzi silikwanira, chifukwa funso limodzi lopotoka lingachititse mutu wonse kuoneka ngati wakugonjetsani.

Phindu la ola limodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo masamu ogawa aja pano sathandizanso okha. Malikisi otayika si onse amene amabwezedwa pa mtengo wofanana.

Mlimi amadziwa kuti thumba loyamba la feteleza m'munda woguga limasintha chimanga moonekeratu, lachiwiri limawonjezera pang'ono, ndipo lachitatu m'munda womwewo mwina silibweza n'komwe ndalama yake. Maola owerenga amayenda chimodzimodzi. Maola atatu oyamba pa mutu umene simuudziwa amabweretsa malikisi ochuluka kuposa maola atatu omaliza pa mutu umene mwatsala pang'ono kuumaliza.

Ndiye mtsikana uja ayenera kubwerera ku mapepala ake ochongedwa n'kufunsa kuti malikisi aliwonse anatayika chifukwa chiyani. Pa magirafu wapeza kuti mwa 8 aja, ambiri sanapite chifukwa chosadziwa. Anagwiritsa ntchito sikelo yosiyana ndi imene funso linapereka. Sanalembe maina a mizere iwiri ya girafu. Pa funso la mainikwalite, lonena kuti adetse mbali yosafunika, iye anadetsa mbali yofunika. Zolakwa zoterezi zimakonzeka ndi magirafu angapo ojambulidwa mosamala pa pepala la girafu lenileni, ndi pensulo yosongoka. Awa ndi malikisi otchipa, ndipo ndi oyenera kuyambirira kuwatola.

Jometiri ndi nkhani ina. Mwa malikisi 14 aja, mwina 8 ndi a mafunso owerengetsera ngodya. Akagwira mathiyoremu ochepa, monga lakuti ngodya ya pakati pa sekolo imawirikiza kawiri ngodya ya m'mphepete yoima pa uta womwewo, ndi lakuti ngodya zoyang'anizana za chinthu cha mbali zinayi chokhudza sekolo m'makona onse zimakwana madigiri 180, n'kuzolowera kulemba chifukwa pa sitepe iliyonse, malikisiwo ayamba kubwera. Koma 6 otsalawo ndi a mafunso oti atsimikize, amene amafuna kuti munthu aone yekha njira yochokera pa zimene wapatsidwa kufika pa zimene wafunsidwa. Luso limeneli limakula pang'onopang'ono. M'masabata 6 angalitole pang'ono, koma kuthirapo maola 17 ndi theka poganiza kuti onse 14 abwera n'kudzinamiza.

Palinso kudalirana kwa mitu. Amene akulephera kusintha mutu wa fomula adzavutika ndi lamulo la kosaini, ngakhale ataliloweza. Ngati malikisi ena amene akutayika pa tirigonometiri akutayikira pa sitepe ya alijebura, ola lothera pa alijebura likubweza malikisi m'mitu iwiri nthawi imodzi. M'maganizo mwanga, ichi ndi chifukwa chokwanira chosachepetsera alijebura kufika pa maola 7.5, ngakhale thebulo likutero.

Kuiwala ndi malire apansi

Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo. Anaona kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa, ndipo kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zambiri kuposa kubwereza kothinana tsiku limodzi. Ofufuza ambiri a pambuyo pake apezanso kuti kutalikitsa nthawi yobwereza kumathandiza.

Pa nkhani yathu zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, mutu umene mukuudziwa lero sukhala chomwecho wokha kwa masabata 6. Malikisi 8 amene mtsikanayu amapeza pa sitatisitikisi ayenera kutetezedwa, choncho gulu lililonse likhale ndi malire apansi, mwachitsanzo mphindi 40 pa sabata, kaya thebulo likunena zotani. Chachiwiri, maola a mutu umodzi asathere sabata imodzi. Maola 14 a jometiri omwazidwa m'masabata onse 6 aposa maola 14 omwewo othinikizidwa m'masiku anayi.

Ataphatikiza zonsezi, ndondomeko yake ikhoza kukhala yotere: jometiri maola 14, alijebura 10, magirafu 10, tirigonometiri 7, matirikisi ndi anzake 5, sitatisitikisi ndi pulobabilite 4. Akwana 50. Palibe fomula imene yatulutsa manambala omalizawa. Atuluka pakati pa njira ziwiri zija, atakankhidwa uku ndi uku ndi zimene mapepala ake ochongedwa aonetsa. Pakatha masabata awiri alembe pepala lathunthu, awerengenso zotayika. Ngati magirafu atsika kuchoka pa 8 kufika pa 3, maola otsala a magirafu asamukire kwina. Ngati jometiri yadya maola 5 koma nambala sinasunthe, vuto si kuchepa kwa maola. Mwina akungowerenga mathiyoremu osayankha mafunso, kapena pali chinachake cha Fomu 2 chimene chinamudutsa, ndipo ayenera kukhala pansi ndi mphunzitsi.

Mafunso amene sanathe

Loyamba ndi lija lagawa aphunzitsi awiri aja: kodi n'kololedwa kusiyiratu mutu? Amene amavomera amaloza gawo losankha, amati ngati mutu umabwera kumeneko kokha ndipo uli ndi mitu ina yokwanira, kuusiya n'kuwerengera bwino. Otsutsa amati palibe lamulo loletsa okonza mayeso kuuika m'gawo loyankha onse, komanso funso la mutu umene umaudalira likhoza kubwera lokhota, n'kusowa kothawira. Mapepala akale amangoonetsa zimene zinachitika, salonjeza za chaka chino.

Lachiwiri ndi la cholinga. MSCE imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, pamene 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Amene akulimbana kuti achoke pa 9 afike pa 8 angapindule potola malikisi otchipa m'mitu yolemera n'kusiya zovuta. Amene akufuna 1 alibe mwayi umenewo, chifukwa malikisi amene amutsalira ndi odula aja. Kodi njira imodzi ingakwanire onse awiri, kapena mphunzitsi wa kalasi la ana ambiri azipereka ndondomeko zosiyana?

Lachitatu limatuluka kunja kwa Masamu. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino koposa, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi sipezeka. Ndiye maola 60 aja anayenera kupita ku Masamu onse, kapena ena akanapindula kwambiri ku phunziro limene giredi yake ili pafupi kusuntha? Kuwerengetsera kwa mtundu womwewu kungachitike pakati pa maphunziro, koma kumeneko kumavuta, popeza malikisi 5 a Bayoloje ndi malikisi 5 a Masamu sasuntha giredi mofanana.

Palinso maphunziro amene mitu yake sigawika bwino. Pa chimangirizo cha Chichewa kapena cha Chingerezi malikisi amapita ku luso, monga kusanja mfundo, kalembedwe ndi galamala, osati ku mutu wa m'silabasi. Mapulakitiko a sayansi nawo amafuna zipangizo zimene wophunzira sangazipeze kunyumba, ngakhale atawapatsa maola ambiri pa ndondomeko yake. Kumeneko tiwerenge kulemera kwa chiyani, kwa mapepala, kwa magawo, kapena kwa maluso?

Ndipo aphunzitsi ena amafunsa za mawa la wophunzirayo. Mutu wopepuka pa MSCE ukhoza kukhala maziko a kosi imene akaipeze ku koleji, monga mavekita kwa amene akufuna uinjiniya. Wophunzira amene watsala ndi masabata 6 ali ndi chifukwa chomveka chothamangira malikisi. Koma kodi kagawidwe kotere kayambe liti, teremu yomaliza ya Fomu 4 yokha, kapena n'koyenera ngakhale kwa wa Fomu 3 amene akadali ndi chaka chathunthu chophunzira silabasi yonse?